Mwalipira sapulaya msanga ndipo wakudulirani? Umu ndi momwe mungalembere disikauntiyo m'mabuku

Pali kandalama kena kamene kamakonda kutsalira pa akaunti ya sapulaya, mwezi ndi mwezi kakuoneka ngati ngongole pomwe munalipira kalekale, ndipo mukakafufuza mumapeza kuti ndi disikaunti imene munadula polipira koma simunailembe. Ine ndinakapezapo m'mabuku a golosale ina, K17,000 itakhala pamenepo miyezi inayi, mwini wake mpaka anayamba kukayikira mnyamata amene amapita ku banki kuti mwina anadyako. Sanadye mwana wa eni ake. Entire yake, ndiye kuti zolemba za malipirowo m'mabuku, inangolembedwa theka basi.

Tiyeni titenge nkhani yomweyo. Mwaoda katundu pa ngongole ku holoselo, mafuta ophikira, shuga ndi makatoni a sopo, zonse K850,000, invoisi ya pa 3 Malichi. M'munsi mwa invoisi alemba `2/10, net 30`. Tanthauzo lake ndi loti mukalipira pasanathe masiku 10 akudulirani 2 peresenti, mukapanda kutero mulipira ndalama yonse pasanathe masiku 30.

Choyamba, tsiku limene katundu wafika lembani ngongole yonse, osadula kalikonse, chifukwa pa nthawiyi simunadziwe ngati ndalama ipezeke msanga kapena ayi. `Dr` ndi debiti, `Cr` ndi kirediti, ndipo `Accounts Payable` ndi akaunti ya sapulaya.

```
Dr Purchases           850,000
   Cr Accounts Payable     850,000
```

Chachiwiri, werengani masiku. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Nthawi zambiri masiku 10 aja amayambira pa deti ya invoisi, osati tsiku limene lole inatsitsa katundu pakhomo panu, ndiye invoisi ya pa 3 Malichi mwayi wake ukutha pa 13 Malichi ngakhale katunduyo atafika pa 7. Komanso funsiranitu kuti iwo amawerengera tsiku limene mwatumiza ndalama kapena limene yalowa mu akaunti yawo, chifukwa ngati mabanki anu ndi osiyana ndipo mwatumiza Lachisanu madzulo, ndalama ikhoza kuonekera Lolemba, ndiye muyambe kukangana pa foni. Ine ndimati lipirani kudakali masiku awiri, mtima ukhale pansi.

Chachitatu, masamu. 2 peresenti ya K850,000 ndi K17,000, ndiye ku banki kuchoka K833,000. Tinene kuti mwalipira pa 11 Malichi.

Tsopano entire yeniyeni ndi iyi:

```
Dr Accounts Payable    850,000
   Cr Bank                 833,000
   Cr Discount Received     17,000
```

Taonani bwinobwino mzere woyambawo. Ku akaunti ya sapulaya tikudebita K850,000 yonse, osati K833,000 imene tapereka, chifukwa ngongole yatha yonse, sapulaya sadzabweranso kudzaitanitsa kanthu pa invoisi imeneyi. Banki tikuikiredita ndi ndalama yokhayo imene yatulukadi, kuti tikamadzafananitsa ndi sitetimenti ya ku banki zidzagwirizane. Kusiyana kwakeko, K17,000, ndi phindu lathu, ndiye ikupita ku kirediti ya `Discount Received`. Mukaphatikiza 833,000 ndi 17,000 ikukwana 850,000, mbali ziwiri zabalansa.

Ku golosale kuja chimene chinachitika ndi choti analemba debiti 833,000 kwa sapulaya, kirediti 833,000 ku banki, basi. Ndipo choopsa chake ndi choti trayo balansi, mndandanda uja wofananitsa madebiti ndi makirediti onse, imabalansa bwinobwino, sikuuzani kuti pali vuto. Mumazindikira pokhapokha mukatenga sitetimenti ya sapulaya, iye akuonetsa ziro inu mukuonetsa kuti muli naye ngongole ya K17,000. Kukonza kwake n'kosavuta, debitani sapulaya K17,000, kireditani `Discount Received` K17,000, ndipo m'munsi mwake lembani nambala ya invoisi kuti wobwera pambuyo panu asadzadabwe.

Amene mumalemba pamanja mu kashibuku ya makolamu atatu ija, ya disikaunti, kashi ndi banki, K833,000 mulemba mu kolamu ya banki mbali ya kirediti, K17,000 mu kolamu ya disikaunti mbali yomweyo pa mzere womwewo. Koma kolamu ya disikauntiyi ndi yongokumbutsa, simuibalansa ndi inzake ya mbali ya debiti, imene ndi ya disikaunti yomwe inu mwapatsa makasitomala. Pakutha pa mwezi mumangoiwonkhetsa, thotolo yake n'kupita ku kirediti ya akaunti ya disikaunti mu leja. Ku akaunti ya sapulaya ndiye mumalemba mizere iwiri mbali ya debiti, wa banki ndi wa disikaunti. Wachiwiriwu ndi umene umaiwalika.

Nanga ngati munabweza katundu wina? Tinene makatoni ena a sopo anafika atanyowa, mwabweza a K50,000 ndipo akupatsani kirediti noti. Ngongole yatsala K800,000, ndiye 2 peresenti muiwerengere pa imeneyi, ndi K16,000, mulipira K784,000. Mukadula K17,000 ija mwadula mopyola ndi K1,000 ndipo sapulaya adzaisiya pa akaunti yanu ngati ngongole. Yochepa inde, koma ndi timeneti timene timachititsa kuti mabuku anu ndi awo asamagwirizane chaka chonse.

Zimachitikanso kuti mwadula, mwalemba kale, kenako sapulaya akukana kuti munachedwa. Ngati akunena zoona musafufute kapena kupaka tipekisi, ingobwezani entireyo, debiti ku `Discount Received`, kirediti kwa sapulaya, ngongole ya ndalama imene munadula ija ibwerere, kenako muilipire.

Musasokoneze disikauntiyi ndi ija amakudulirani pa mtengo chifukwa mwaoda zambiri. Imeneyo imachotsedweratu pa invoisi pomwepo, ngati katundu wa K900,000 akupatsani pa K850,000 mumangolemba K850,000, ilibe akaunti yakeyake. Imene tikukamba pano imabadwa tsiku lolipira.

Za komwe imakathera pakutha pa chaka, m'mabuku ambiri a kusukulu imaphatikizidwa pa phindu ngati ndalama ina yolowa, pansi pa phindu la malonda, ndipo kwa bizinesi yaing'ono zimenezo zimayenda. Koma kampani imene ikutsata IAS 2, lamulo la padziko lonse la kalembedwe ka katundu wogulitsa m'mabuku, imaichotsa pa mtengo wogulira katundu, ndiye oditala akhoza kukuuzani kuti muisunthe. Ndipo ngati munalembetsa VAT ku MRA ndipo invoisiyo ili ndi VAT, dziwani kuti mtengo ukatsika VAT yakenso imatsika, choncho musaponye ndalama yonse yodulidwayo ku disikaunti, pemphani kirediti noti kwa sapulaya yoonetsa gawo la katundu ndi gawo la VAT, gawo la VAT-lo mulichotse pa imene mumati mudzabwezeredwa.

Mwina mukuti 2 peresenti n'chiyani, bola ndalamayo ndiyambe ndaizunguza. Werengani kaye. Mukasiya disikaunti, ndiye kuti mwasunga K833,000 masiku 20 owonjezera pa mtengo wa K17,000, ndipo mukaiyika pa chaka chonse ikufika pafupifupi 37 peresenti. Ndiye ngati ovadirafuti yanu chiwongoladzanja chake chili pansi pa pamenepo, kulipira pa 11 Malichi paja kukupindulitsani ngakhale ndalamayo itakhala yobwereka ku banki, koma ngati ndi ya katapila, dikirani masiku 30 aja akwane.