Momwe mungasonyezere kuti R[x] ndi UFD ngati R ili UFD

UFD ndi domeni imene chinthu chilichonse chosakhala 0 kapena yuniti chimaphwanyika kukhala mafakita osaphwanyikanso, ndipo njira yake ndi imodzi basi, kupatula kusintha mndandanda kapena kuchulukitsa ndi yuniti. Mu Z, 60 = 2·2·3·5, palibenso kwina. Koma mu Z[√−5], 6 = 2·3 = (1+√−5)(1−√−5), njira ziwiri zosiyana.

Tiyeni tigwire f = 12x² + 10x − 12 mu Z[x].

Yambani mwatulutsa kontenti, yomwe ndi fakita yaikulu yogawa makoefishenti onse. Apa ndi 2, choncho f = 2(6x² + 5x − 6). Chotsalacho timachitcha pulimitivi chifukwa palibe pulaimu yogawa makoefishenti ake onse. Kontenti ili mu R, ndiye imaphwanyika njira imodzi kale.

Kenako samukirani ku K, filudi ya mafulakishoni a R. Kwa Z, K ndi Q. Mu K[x] mumatha kugawa n'kutsala ndi chotsala cha digiri yocheperapo, ndipo njira ya Euclid imatsimikiza kuti K[x] ndi UFD. Kumeneko timapeza 6x² + 5x − 6 = 6(x + 3/2)(x − 2/3).

Ntchito yeniyeni ili pobwerera kwathu ku R[x], ndipo wotibweza ndi lema ya Gauss, imene inatuluka mu 1801: mapolinomiyo awiri a pulimitivi, g ndi h, akachulukitsidwa, zotsatira zake n'za pulimitivinso. Tengani pulaimu p iliyonse. Mu g pezani koefishenti yoyamba a_i imene p saigawa, mu h pezaninso b_j yoteroyo. Koefishenti ya x^(i+j) mu gh ndi a_i·b_j kuphatikiza magawo ena amene onse p amawagawa. Popeza p sagawa a_i kapena b_j, sangagawe a_i·b_j, choncho sagawanso koefishenti yonseyo. Chiganizo chotsirizachi musachidumphe, ndi pamene pali mutu wa nkhani. Chikudalira kuti mu UFD chosaphwanyika chilichonse ndi pulaimu. Mu Z[√−5] zimakanika: 2 amagawa (1+√−5)(1−√−5) koma sagawa fakita iliyonse payokha.

Tsopano chotsani mafulakishoni. Lembani x + 3/2 = (1/2)(2x + 3) ndi x − 2/3 = (1/3)(3x − 2). Lema ikuti (2x + 3)(3x − 2) ndi pulimitivi, ndiye nambala yotsala kutsogolo iyenera kukhala yuniti ya Z, ndipo zoonadi 6·(1/2)·(1/3) = 1. Tapeza f = 2(2x + 3)(3x − 2). Wina akabwera ndi njira ina, kontenti yake ikhala yomweyo, mafakita ake afanana ndi athu mu K[x], ndipo mapulimitivi awiri osiyana ndi fulakishoni chabe amasiyana ndi yuniti ya R basi.

Ambiri amapunthwa pa 2 uja. Mu Q[x] ndi yuniti, koma mu Z[x] ndi fakita yeniyeni, musamutaye. Musayesenso njira ya Euclid mu Z[x] mwenimwenimo: aidiyo (2, x) siingapangidwe ndi chinthu chimodzi. Mukafuna R[x, y], bwerezani zonsezi pa R[x][y].