Apu mwaika, nanga meseji mwaisiyiranji?

Miyezi yapitayi ndakumana ndi anthu angapo olandidwa imelo, ndipo chondiwawa n'chakuti ena mwa iwo anali atamvera kale malangizo oika apu yotulutsa manambala otsimikizira. Apuyo ili m'foni, ikugwira ntchito bwinobwino. Koma ukafunsa kuti, "Nanga njira yolandirira manambala pa meseji ija munaichotsa?" munthu amangoti kukamwa yasaa. Sanachotse. Anamanga khola lamitengo yolimba, kumbuyo n'kusiya mpata woti fisi alowe osawerama n'komwe.

Za mawu achinsinsi sindinenapo, nonse mukudziwa. Pano tikambe za chitseko chachiwiri, manambala 6 aja amene imelo imafunsa mukatha kulemba mawu achinsinsi.

Manambala a pa meseji satumizidwa kwa inu ngati munthu, amatumizidwa ku nambala ya foni. Nambalayo siikhala m'manja mwanu, imakhala m'makompyuta a kampani ya mafoni, ndipo kampaniyo ikhoza kuisamutsira pa simukhadi ina nthawi iliyonse. Anakonza zimenezi pofuna kutithandiza tikataya foni, koma akuba amadzera pomwepo. Munthu amapita kapena kuimba ku kampani, n'kunena kuti ndi inu ndipo simukhadi yatayika. Dzina lanu akulidziwa, tsiku lobadwa analitola pa intaneti pamene munalilemba nokha. Wogwira ntchito akakhulupirira, kapena akapatsidwa kangachepe, nambala yanu imasamuka. Kuyambira mphindi imeneyo meseji iliyonse ikupita kwa wakubayo. Musaganize kuti izi zimagwera anthu osadziwa zamakono okha. Mu Ogasiti 2019 akaunti ya Twitter ya Jack Dorsey, amene anali mkulu wa kampaniyo, inalandidwa kudzera pa nambala yake ya foni.

Apu imayenda mwina. Tsiku limene mukuilumikiza, imelo imakuonetsani kachithunzi ka timabokosi takuda kotchedwa QR, ndipo m'kachithunzimo muli kiyi yachinsinsi. Foni yanu imasunga kiyiyo, kampani ya imelo nayo imasunga yake. Kuchokera apo mbali ziwirizi sizitumiziranso chilichonse. Apu imatenga kiyi ija n'kuisakaniza ndi nthawi ya pa wotchi, kutuluka manambala 6, ndipo pakatha masekondi 30 amasintha. Kampani ya imelo imawerengera chimodzimodzi kwawoko n'kuona ngati zafanana. Njirayi imatchedwa TOTP, ndipo inalembedwa ngati muyezo mu 2011. N'chifukwa chake apu imatulutsa manambala ngakhale kulibe netiweki, ngakhale simukhadi mwaichotsa. Wosamutsa nambala yanu sapezapo kanthu chifukwa palibe chimene chikuyenda mumlengalenga choti achitchingire.

Zonsezi n'zabwino, koma zimathera pa mawu atatu a pansi pa sikirini. Pa Gmail, pamene akufunsa manambala a mu apu, pali polembedwa Try another way. Mukadinapo, imakuonetsani njira zina zonse zimene munasiya zotsegula, ndipo ngati meseji ili pamenepo, wakuba sasamala za apu yanu. Amasankha meseji basi. Chitetezo cha akaunti chimalingana ndi njira yofooka kwambiri imene mwaisiya, apu ikhalepo kapena isakhalepo.

Mlimi wina amene ndimamuyendera, bambo wachikulire wosamala zinthu zake, anandilandira tsiku lina nkhope ili gwa. Mwana wawo anawaikira apu chaka chatha. Tsiku lina masana foni inangoleka kugwira netiweki, pamwamba n'kulemba Emergency calls only. Iwo anati ndi vuto la kampani, libwerera lokha. "Koma alangizi, foni ya mayi a kunyumba inkagwira, ndipo tili pa kampani imodzi," anatero pondifotokozera. Chizindikiro chinali chimenecho, ndipo anachiona ndi maso awo, koma anadikira masiku awiri. Pamene ankapita kukafunsa anauzidwa kuti nambala yawo inaikidwa pa simukhadi ina. Wakubayo sanavutike ndi mawu achinsinsi. Anadina poti waiwala, manambala obwezeretsera akaunti anabwera pa meseji, iye n'kuika mawu ake atsopano, n'kuchotsa apu ya bambowo. Ali m'katimo analembera ogula mbewu zawo kuti ndalama azitumiza ku akaunti ina. Kampani inawabwezera nambala tsiku lomwelo, koma imelo inatenga milungu, ndipo makalata akale ambiri anawapeza atafufutidwa. Ndinawafunsa chifukwa chimene anasiyira meseji. Yankho lake ndi lomwe ndimamva kulikonse: "Ndinkaopa kuti foni ikatayika ndidzatsekeredwa kunja."

Mantha amenewa ndi oona, sindikuwanyoza. Chimene chimanditopetsa n'chakuti mankhwala ake alipo, pa tsamba lomwe mumalumikizirapo apu, ndipo anthu amawadumpha chifukwa meseji anaizolowera. Google imapereka manambala osungira 10, iliyonse ya madijiti 8, yogwira ntchito kamodzi kokha. Ntchito yake ndi yomweyo, kukulowetsani tsiku limene foni yagwera m'madzi. Koma munthu amaona kuti kulemba manambala papepala n'kotopetsa, pamene kuthamangira imelo yobedwa milungu itatu sakuwerengera. Ena amawajambula n'kuwasunga mu imelo yomweyo imene akufuna kuiteteza. Abale, kiyi wa nyumba mungamutsekere m'nyumba momwemo?

Imelo si akaunti wamba. Maakaunti ena ambiri, a kubanki, a malo ochezera, a kuntchito, mukaiwala mawu achinsinsi amatumiza ulalo wosinthira ku imelo. Woigwira wagwira zonse. Palinso vuto lina la nambala limene silifuna wakuba waluso: mukasiya kugwiritsa ntchito simukhadi kwa nthawi yaitali, kampani imapereka nambalayo kwa kasitomala wina, ndipo manambala a imelo yanu amayamba kufika kwa mlendo.

Ndisakunamizeni kuti apu imatseka zonse. Mukatsegula tsamba labodza looneka ngati la imelo yanu n'kulembapo manambala a mu apu, wakuba amawagwiritsa ntchito nthawi yomweyo masekondi aja asanathe. Chimodzimodzi mukawerengera munthu amene wakuimbirani n'kumati ndi wa ku kampani. Pamenepo apu ndi meseji zimagonja mofanana, ndipo zimene zimalimba ndi makiyi achitetezo obaya pa kompyuta kapena passkey, kiyi yolowera popanda mawu achinsinsi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Komanso amene alibe foni yotha kulandira apu asazimitse meseji n'kutsala ndi mawu achinsinsi okha. Meseji ndi yofooka, koma imaposa kukhala opanda kanthu.

Zochita zake mwachidule. Pa akaunti ya Google lowani pa gawo lachitetezo lokhala ndi mawu akuti Security, kenako 2-Step Verification. Lumikizani apu, kaya Google Authenticator, Microsoft Authenticator kapena Aegis. Tengani Backup codes, manambala osungira aja, muwalembe papepala, musunge pamene mumasunga zikalata zofunika. Tulukani mu imelo n'kulowanso ndi apu kuti mutsimikize, ndipo mukatero chotsani nambala ya foni pa njira zotsimikizira. Onaninso nambala yobwezeretsera akaunti, chifukwa imakhala pamalo pake payokha. Ngati muli ndi imelo ina yotetezedwa bwino, ikani imeneyo. Imelo ikamakana manambala a mu apu amene mwalemba molondola, kawirikawiri ndi wotchi ya foni imene yasokonekera, ikani kuti izidzikonza yokha. Pogula foni yatsopano samutsani apu musanafufute yakale. Ndipo foni yanu ikataya netiweki pamene za anzanu a kampani yomweyo zikugwira, bwerekani foni muimbire kampaniyo ola lomwelo.