Mankhwala akapatsidwa layisensi kafukufuku amakhala sanathe: tiyeni titsate ulendo wa DTG

Pali funso lomwe ndimafunsidwa pafupipafupi tikamakambirana za mankhwala atsopano, anthu amati, ngati anawayesa kale ndi kuwavomereza, bwanji patapita zaka zingapo timamvanso kuti apezeka ndi vuto? Ena amafika poganiza kuti ndiye kuti sanayesedwe nkomwe. Ayi abale, anayesedwa, koma kuyesa kulikonse kuli ndi malire ake, ndipo mukawadziwa malirewo mumadziwanso pomwe ntchito yanu inuyo azaumoyo ndi inu omwa mankhwala imayambira. Nde m'malo mongotchula masiteji, titenge mankhwala amodzi tiwatsate kuchokera mu labotale. Ndasankha dolutegiraviya, ma ARV omwe ambiri amangowatchula kuti DTG.

Mankhwalawa anatulukira mu ntchito ya kampani ya ku Japan ya Shionogi mogwirizana ndi kampani ya ku Britain ya GSK. Poyamba analibe ndi dzina lomwe, inali nambala chabe. Ntchito yake ndi kutsekereza enizayimu ya HIV yotchedwa intigirezi, yomwe kachilombo kamagwiritsa ntchito posokerera chibadwa chake m'kati mwa selo la munthu. Mu labotale amayamba ndi maselo m'timbale kuona ngati kachilombo kakusiyadi kuswana, kenako nyama, kawirikawiri mitundu iwiri, wina wa makoswe wina osakhala wa makoswe. Nyamazo amazipatsa dozi yokwera dala mpaka aone chiwalo chomwe chikuyamba kuvulala, kaya chiwindi kaya impso kaya m'mimba, ndipo dozi yomwe sinavulaze nyama amaichepetsanso kwambiri kuti ikhale yoyambira pa munthu. Amayesanso makoswe ndi akalulu a bere kuona ngati ana akubadwa bwino. Pa DTG mayeso amenewa sanaonetse kulumala kwa ana. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Akachoka pa nyama amayesa pa anthu m'masiteji otchedwa fezi. Fezi 1 ndi anthu ochepa, makumi angapo basi, nthawi zambiri athanzi omwe sakudwala matendawo. Apa safunsa ngati mankhwala akuchiza ayi, akufuna adziwe thupi likuwalandira bwanji, akulowa m'magazi mochuluka bwanji, akutha pakapita maola angati. Pa DTG anapeza kuti amakhalitsa m'magazi mokwanira kumwa kamodzi patsiku. Siteji iyi imaoneka yaying'ono koma ndi yoopsa, chifukwa nyama si munthu. Mu 2006 ku London anyamata 6 anabayidwa mankhwala ena otchedwa TGN1412 pa dozi yochepa ka 500 poyerekeza ndi yomwe anyani anaipirira bwinobwino, koma onse 6 anathera mu chipinda cha odwala kwakayakaya, chitetezo cha thupi chitalusa n'kuyamba kuwononga ziwalo zawo zomwe. Anawabaya motsatizana, patangopita mphindi zochepa wina n'kubayanso wina. Kuchokera pamenepo mankhwala amtundu woopsa amayamba apatsa munthu mmodzi kaye n'kudikira aone.

Fezi 2 ndi pomwe odwala enieni amalowa, ndipo funso lalikulu ndi la mlingo. Pa DTG anatenga anthu 35 omwe ali ndi HIV, kwa masiku 10 okha, ena 2 mg ena 10 mg ena 50 mg ena pulasibo, piritsi looneka chimodzimodzi koma lopanda mankhwala. A 50 mg aja tizilombo m'magazi tinatsika pafupifupi ka 300 m'masiku 10. Kenako kafukufuku wa SPRING-1, anthu opitirira pang'ono 200, anayerekeza 10, 25 ndi 50 mg pamodzi ndi ma ARV ena, mpaka anakhazikika pa 50 mg kamodzi patsiku. Nde mukaona 50 mg pa botolo dziwani kuti sanangoilota.

Fezi 3 ndi mpikisano weniweni, mankhwala atsopano kulimbana ndi omwe alipo kale. Pa matenda ngati HIV sungapatse munthu pulasibo yekhayekha chaka chonse pomwe chithandizo chilipo, kumeneko n'kupha. Mu kafukufuku wa SINGLE anthu 833 anagawidwa mwamaere, theka DTG theka efavirenzi, ma ARV omwe analipo kale, ndipo wodwala ngakhale dokotala wake samadziwa kuti ndani akumwa chiyani, cholinga chake kuti chiyembekezo cha munthu chisalowerere pa zotsatira. Patatha masabata 48, anthu 88 pa 100 alionse a DTG tizilombo tinali titatsikiratu, kwa efavirenzi anali 81. Kusiyanako kwakukulu kunabwera chifukwa a efavirenzi ambiri amasiya mankhwala kaamba ka zovuta zomwe amawapatsa. Panalinso kafukufuku wina wa anthu 822 woyerekeza DTG ndi ma ARV ena otchedwa ralitegiraviya. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza DTG mu Ogasiti 2013.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Tiwerenge limodzi. Ku SINGLE omwe anamwadi DTG anali 400 ndi ochepa pamwamba. Tiyerekeze pali vuto lomwe limagwira munthu mmodzi pa 1,000 alionse. Kuti mukhale ndi mwayi wa 95 pa 100 woliona ngakhale kamodzi kokha, mukufunika anthu pafupifupi 3,000 omwa mankhwalawo, akatswiri amangoti chulukitsani katatu. Vuto la mmodzi pa 10,000 likufuna anthu 30,000. Nde kafukufuku wa anthu 400 atha kutha bwinobwino vuto lotere osaonekera, popanda wina kubisa kanthu. Komanso pali anthu omwe m'makafukufuku amenewa salowetsedwa, amayi oyembekezera, ana, okalamba kwambiri, a impso zofooka. Mayi akapezeka ndi mimba kafukufuku ali m'kati kawirikawiri amamusiyitsa mankhwala oyesedwawo. Kutanthauza kuti tsiku lomwe layisensi ikutuluka, za mimba timakhala tikudziwa za makoswe ndi akalulu aja, za anthu zochepa kwambiri.

Ku Botswana kunali kafukufuku wotchedwa Tsepamo, anayamba mu 2014, azamba m'zipatala zikuluzikulu amayang'ana mwana aliyense wobadwa n'kulemba chilema chilichonse chooneka komanso mankhwala omwe mayi amamwa. Chomwe amasaka poyamba chinali efavirenzi, osati DTG. Dzikolo linasinthira ku DTG mu 2016, ndipo pofika Meyi 2018 anapeza ana 4 mwa 426 omwe amayi awo amamwa DTG pa nthawi yotenga mimba atabadwa ndi vuto la msana kapena ubongo wosatsekeka bwino. Kumeneko ndi pafupifupi mmodzi pa 100, pomwe mwa amayi a ma ARV ena zinali pafupifupi mmodzi pa 1,000. Njira ya msana ndi ubongo imatsekeka m'masiku 28 oyamba mimba ikangotenga, mayi ambiri asanadziwe nkomwe kuti ndi oyembekezera, nchifukwa chake chofunika chinali mankhwala omwe mayi amamwa pa nthawi yotenga mimbayo osati omwe anayamba mimba itakula.

WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inachenjeza, maiko ambiri anayamba kuwaletsa DTG amayi a msinkhu wobereka. Koma azamba aja sanasiye kuwerenga. Mu 2019 chiwerengero chinali ana 5 mwa 1,683, ndiye kuti 3 pa 1,000. Chaka chomwecho WHO inati DTG ndi yoyenera kwa onse kuphatikizapo amayiwa, itayeza ubwino wake ndi chiopsezocho. Pofika 2022 ana obadwa atachuluka kupitirira 9,000, chiwerengero chinatsika kufika pafupifupi mmodzi pa 1,000, chimodzimodzi ndi ma ARV ena. Ana 4 oyamba aja anali enieni, mabanja awo anavutikadi, koma manambala akakhala ochepa mwana mmodzi kapena awiri amasintha peresenti yonse. Ine maganizo anga, kuchenjeza mu 2018 kunali koyenera, chomwe chinalakwika malo ena ndi kungowaletsa amayi osawafotokozera kuti asankhe okha, ndipo amayi omwe ali ndi HIV anadandaula zimenezi poyera.

Musaganize kuti chenjezo lililonse limatha chonchi. Thalidomayidi anayamba kugulitsidwa ku Germany mu 1957, amayi amamwa kuti agone komanso kuletsa nseru ya mimba, pomwe amachotsedwa mu 1961 ana pafupifupi 10,000 anali atabadwa manja ndi miyendo yosakula bwino. Malamulo ambiri oyesera mankhwala omwe tikukambawa anakhwima chifukwa cha ngozi imeneyo, ndipo mu 1968 WHO inayambitsa ndondomeko yoti maiko azisonkhanitsa malipoti a zovuta za mankhwala pamodzi. Pa DTG yemweyo, nkhani yoti ena omwa mankhwalawa amanenepa inaonekera bwino mankhwala atafalikira kale, ndipo imeneyo sinafufutike ngati ya mimba ija.

Nde inu mupange chiyani? Wodwala akabwera ndi chachilendo atayamba mankhwala aliwonse, lembani lipoti, musadikire kuti mutsimikize kaye kuti ndi mankhwalawo, kutsimikiza ndi ntchito ya omwe akuona malipoti ambirimbiri pamodzi. Lipoti limafunika zinthu zinayi kuti ligwire ntchito, wodwala, mankhwala omwe mukuwakayikira, chomwe chachitika, ndi inu olemba. Koma chomwe chimalipatsa mphamvu ndi madeti. Ndinaonapo fomu italembedwa kuti "zidzolo, ma ARV" basi, osanena kuti ati, anayamba liti, zidzolo zinatuluka liti. Fomu ngati imeneyo yangotha pepala. Yerekezani ndi iyi, mayi wa zaka 34, anayamba mankhwala pa 3, zidzolo thupi lonse ndi kutentha thupi pa 12, akumwanso mankhwala a TB ndi azitsamba, dokotala atamusiyitsa zidzolo zinaphwa patatha masiku 6, nambala ya bachi ya pa botolo ndi iyi. Apa wowunika atha kufunsa mafunso ake onse, kodi vuto linabwera mankhwala atayambika kapena linalipo kale, linatha atasiya, pali china chomwe chikanalibweretsa. Nambala ya bachi imathandiza kusiyanitsa vuto la mankhwalawo ndi vuto la katoni imodzi yopangidwa molakwika kapena yachinyengo.

Mayi akatenga mimba ali pa mankhwala, lembani tsiku la msambo womaliza ndi tsiku lomwe anayamba mankhwala, ndipo mudzalembenso mwana akabadwa, ngakhale atabadwa bwinobwino. Ambiri timalemba zoipa zokha, koma ku Botswana kuja chomwe chinayankha funso ndi ana masauzande obadwa opanda vuto omwe analembedwa nawo.

Inu omwa mankhwala, mukamva mphekesera musasiye nokha, makamaka ma ARV, chifukwa tizilombo timakweranso ndipo titha kupima. Pitani mukafunse. Pokhapokha mukatupa nkhope kapena milomo, kubanika, zidzolo zosupula khungu kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso, maso achikasu, pamenepo musamwenso dozi ina musanaonane ndi dokotala, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo munyamule botolo lake ndi china chilichonse chomwe mukumwa, ngakhale cha zitsamba.