Momwe mungalembere kapishoni ya chithunzi cha kuthamanga kapena cha ku jimu osamveka ngati mukulalikira

Mwezi wa Juni ndinayamba kuthamanga m'mawa, chiperoni chili chonchi ku Blantyre kuno, ndipo patatha masabata 10 ndinajambulitsa kachithunzi thukuta lili kamukamu nkulemba pansi pake kuti "Palibe chowiringula. Inu mukugona ife tikugwira ntchito. Dzukani!" Ma laiki anabwera ndithu koma mchemwali wanga anandiimbira madzulo ake, akuti achimwene kodi mwatsegula tchalitchi? Iye ali ndi mwana wa miyezi 7, sagona usiku, nde kumuuza kuti alibe chowiringula kunali kumutukwana basi. Positi ija ndinaifufuta nkulembanso. Apa ndikuonetsani mmene ndinaikonzera, mutha kutsata zomwezi kaya chithunzi chanu ndi cha pamsewu kaya cha pagalasi ku jimu.

Choyamba, musanaganize za mawu okoma lembani kaye zomwe zinachitikadi

Tsegulani poti mulembe mufoni, ikani zinthu zitatu: munayamba liti, munali pati, pano muli pati. Zanga zinali izi. Tsiku loyamba makilomita 5 ananditengera mphindi 44, theka lake ndikuyenda. Sabata ya 10 makilomita omwewo mphindi 36 osaima. Ndimathamanga katatu pasabata, Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka. Ngati ndinu a zitsulo ndi chimodzimodzi, mwina munayamba sikwati ndi chitsulo chopanda kanthu chija cha makilogalamu 20 pano mukukweza 50, kapena mapushapu munkathera pa 4 pano mukufika 15.

Manambalawa ndi amene amalimbikitsa, osati mawu. Munthu amene akuopa kuyamba akaona 44 amadziwa kuti aaa kani naye ankachita kukwawa, chifukwa mphindi 44 ndiye kuti kilomita iliyonse pafupifupi mphindi 9, liwiro loti mayi wofulumira kumsika akhoza kukhala nanu pafupi. Koma musathire manambala onse a pa Strava, apu ija ya mufoni yolemba mtunda ndi nthawi yomwe mwathamanga, awiri akwana, woyambira ndi wa lero. Mukayamba kuika za kugunda kwa mtima ndi ma kalori kapishoni imasanduka lipoti la kuchipatala.

Chachiwiri, sakani mawu oti inu, iwe ndi anthu ena, muwachotse

Ulaliki umabisala apa. Werengani zomwe mwalemba nkuona chala chikuloza ndani. "Dzukani", "musamagonje", "siyani ulesi", "ena akungodya chipisi", "ngati ine ndatha inunso mutha", zonsezi chala chili pa wowerenga. Womalizayo amaoneka wabwino koma ndi woopsa kuposa onse, chifukwa ukumuuza munthu kuti moyo wake ndi wako ndi wofanana, chikhalirecho iye amadzuka 4 koloko kukadikira minibasi, kapena bondo linamuvuta, kapena kwawo kulibe msewu woti mtsikana angathamange yekha kusanache. Simukudziwa.

Nde lamulo langa ndi lophweka, chiganizo chilichonse chiyambe ndi ndi- kapena nda-. Ndinayamba, ndinaima, ndatha, ndikuvutikabe. "Musamagonje" isanduke "kawiri konse ndinafuna kusiya". Nkhani ndi yomweyo koma pano palibe amene akukalipiridwa. Mavebu olamula onse, aja othera ndi -ni, achoke, kupatula amodzi omwe ndinena kumapetoku.

Chachitatu, ikanimo kanthu kamodzi kochititsa manyazi

Apa mpamene pagona nkhani ndipo anthu ambiri amapadumpha poti chithunzi akufuna aoneke madolo. Ine sabata yachiwiri ndinathamanga kuchoka kwathu mpaka cha ku Kamuzu Stadium, kufika kumeneko befu, miyendo yakana, m'nthiti mukubaya, ndinabwerera pa kabaza wanjinga yamoto nditavala zothamangira zonse, wakabaza uja nkumandifunsa kuti bwana mpikisano mwawina? Kankhani kameneka nditakaika mu kapishoni ndi komwe anthu anayankha kwambiri, mnzanga wina wa kuntchito anabwera ku inibokosi kudzaulula kuti naye anayesapo Januwale nkusiya tsiku lachitatu.

Chifukwa chake nchakuti chithunzi chanena kale kuti mwapambana. Kapishoni ikanenanso zomwezo ndiye kudzichemerera kawiri. Ntchito ya mawu ndi kuonetsa chomwe chithunzi sichikuonetsa, tsiku lomwe munagona dala alamu ikulira, nsapato za pa kaunjika zomwe zinakutulutsani matuza, masitepe a kuofesi omwe munkatsika cham'mbali mutapanga tsiku la miyendo. Kamodzi kokha koma, ndipo kakhale koona. Mukaunjika mavuto asanu imasanduka umboni wa kutchalitchi, ulaliki womwe uja wangolowera khomo lakuseri. Komanso osapeka, anzanu a ku jimu amakudziwani, adzakuyalutsani mu ma komenti.

Chachinayi, za thupi ndi sikelo muzigwire bwino

Zithunzi zija zoika ziwiri pamodzi, cha kale ndi cha pano, zimakopa maso koma kapishoni yake imavuta. Mukalemba kuti "onani mmene ndinalili, chimimba ngati ng'oma, ndinkanyansa" dziwani kuti pa anzanu a pa Facebook alipo ambiri omwe thupi lawo lero ndi lomwe mukulinyozalo. Mwadzitukwana nokha inde koma mwawapakanso iwo. Munthu wa pa chithunzi chakalecho ndi amene anadzuka tsiku loyamba, mulembeni mwaulemu.

Ndiye pali zathu zakuno zoti ukatsika thupi azakhali amayamba kufunsa kuti kodi mwana uyu ali bwino, akudwala? ena nkumati akazi ake sakumuphikira. Njira yozembera zonsezi ndi kulemba zomwe thupi likutha kuchita mmalo mwa makilo omwe achoka. "Pano ndikukwera phiri la Soche osapuma katatu" imayankha azakhali ndipo siyibaya aliyense. Ngati makilowo mukufuna kuwatchula, mwina adokotala anakuuzani za BP kapena shuga, tchulani chifukwa chanucho mwachidule, osasandutsa malangizo a kadyedwe kwa mtundu wonse wa a Malawi.

Za kuthokoza Mulungu, ambirife timatero ndipo palibe vuto. "Ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mphamvu" ndi mawu anu okamba za inu. Zimasintha mukaika vesi yonse nkuwonjezera kuti thupi ndi kachisi ndiye amene sakulisamala aganize bwino. Apo ndiye mwakwera pa gome.

Chachisanu, mzere woyamba

Pa Instagram kapishoni imatha kufika zilembo 2,200 koma munthu akamapalasa amangoona pafupifupi 125 zoyamba, zinazo zimabisika kuseri kwa more. Facebook nayo imadula nkuika See more. Ndi bandulo yodulayi palibe amene angadine kuti awerenge mwambi. Nde mzere woyamba ukhale nambala ija kapena kamanyazi kaja, osati "Moyo ndi ulendo". Pa sitetasi ya WhatsApp, yomwe imazimiririka pakatha maola 24, mzere umodzi basi, monga "44 mpaka 36. Makilomita 5 omwe aja." Ma hashitagi ngati mukuwafuna awiri kumapeto, ndipo aja achingerezi onena kuti palibe chowiringula asiyeni, ndi ulaliki womwewo wangovala suti.

Chachisanu ndi chimodzi, siyani khomo lotsegula

Apa ndi pokhapo pomwe mawu oti inu akuloledwa kulowa, ngati kuitana osati kulamula. Kuitana kwenikweni kumakhala ndi tsiku, nthawi ndi liwiro. "Loweruka 6 koloko, timathamanga pang'onopang'ono, oyenda nawonso alipo, amene akufuna andipeze ku inibokosi." Mawu oti pang'onopang'ono ndi ofunika chifukwa chomwe anthu amaopa si kudzuka ayi, ndi kusiyidwa m'mbuyo okha. Malo enieni okumanirana muzinena ku inibokosi, makamaka asisi, ndipo ngati mukuika sikirinishoti ya Strava yang'anani mapu kaye, nthawi zambiri mzere uja umayambira pageti panu nkuthera pomwepo, ndiye mwauza dziko lonse komwe mumakhala ndi nthawi yomwe mumatuluka. Strava ili ndi poti mubise poyambira ndi pothera, kapena ingodulani mapuwo.

Ngati simukufuna kuthamanga ndi anthu musaitane mwachinyengo. Funso laling'ono likwana, loti mukufunadi yankho lake, ngati "matuza a kuchidendene mumatani nawo?" Mwadziika pansi, odziwa akuthandizani, oyamba kumene aona kuti nanunso mukuphunzira.

Yanga ija itakonzedwa inatuluka chonchi:

"Juni makilomita 5 ankanditengera mphindi 44, lero 36 osaima. Sabata yachiwiri ndinabwerera kunyumba pa kabaza nditavala zothamangira, wakabaza nkumafunsa ngati ndawina mpikisano. Mtunda wa pafupi ndi kwathu ukundizunzabe. Loweruka 6 koloko ndimapita pang'onopang'ono, amene akufuna tiyendere limodzi andiuze."

Ziganizo zinayi. Mulibe "musagonje", mulibe mwambi, ndipo chiganizo chachitatucho ndinachiika dala kuti isamveke ngati ndafika kumapeto, chifukwa munthu amene wafika ndi amene amatembenuka nkuyamba kuphunzitsa otsala. Makilomita 21 aja a mpikisano wothamanga wa Be More Race ku Lilongwe sindinawalote nkomwe, nde ndingalalikire ndani.

Chomaliza musanadine Post, ganizirani munthu mmodzi weniweni amene zinthu sizikumuyendera, kwa ine ndi mchemwali wanga uja, nkuwerenga kapishoniyo mokweza ngati mwakhala naye pakhonde. Pomwe mungachite manyazi kunena pamaso pake, fufutani. Ndipo ma komenti akayamba kubwera samalani, ulaliki umakonda kubwerera pamenepo. Wina akalemba kuti "ine ulesi amwene" musamuyankhe ndi ndime yonse ya kudziletsa, ingomuuzani kuti nanunso Lachitatu lapitali simunadzuke, ngati zili zoona. Mchemwali wanga pa yachiwiri ija anangolemba kuti "Loweruka mwana ndimusiyira alamu anu, koma ndiziyenda". Anabwera, tinayenda makilomita 3, ndipo chithunzi anakana.