Pampu ya sola, mapanelo ndi thanki: werengerani musanapite kukagula

Alimi anzanga, ambiri mumafika ndi funso loti ndigule pampu ya mawati angati, koma poyambira ndi dimbalo. Titenge kota ekala ya tomato, pafupifupi masikweya mita 1,000. Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo sikweya mita iliyonse imamwa malita ngati 6 patsiku, ndiye kuti malita 6,000, madiramu 30 aja a malita 200. Dzuwa lopopa mwamphamvu ndi la maola 5 kapena 6 basi, m'mamawa ndi kumadzulo madzi amangotuluka pang'onopang'ono, ndiye gawani 6,000 ndi 5, mukufuna pampu yotulutsa malita 1,200 pa ola.

Pomwe anthu amagwa ndi apa. Pakatoni amalemba manambala awiri, Max flow ya malita ndi Max head ya mamita, ndipo sizichitikira limodzi ayi. Malita ambiriwo ndi pomwe pampu sikukweza madzi, mamita ambiriwo ndi pomwe madzi asiya kutuluka. Ndiye muyeze nokha mtunda womwe madzi akwere, ndipo muyeze m'chilimwe chitsime chitapopedwa kale osati mu Epulo chili chodzadza. Tinene kuti madzi akutsikira pa mamita 15, sitandi ndi thanki yomwe mamita 5, kuphatikiza mphamvu yotayika m'mapaipi, tiike 25. Wogulitsa akuonetseni tchati cha pampuyo muone kuti pa mamita 25 ikutulutsa zingati, ngati alibe tchati ine sindingagule. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi ya mawati 250 mpaka 300.

Mapanelo asangofanana ndi pampu, chifukwa akatentha komanso akachita fumbi mphamvu imatsika. Pampu ya 300 ipatseni mawati 400 mpaka 450, ayang'ane kumpoto, ndipo mavolti ake onse pamodzi asapitirire omwe alembedwa pa kontirola, kabokosi koyendetsa pampu kaja, mungakawotche. Mukaona pampu ikudzuka mochedwa n'kumazima kamtambo kakangodutsa, mapanelo achepa kapena ada.

Thanki ya malita 5,000 ikwana, poti madzi ena mumathirira pampu ili mkati mopopa, koma tsiku la mitambo lonse siingakusungeni. Ikadzadza ndi matani 5 amenewo, sitandi ya milimo kapena njerwa zomangira dothi iiwaleni.

Chitsimecho nachonso chiyeseni musanataye ndalama, bwerekani pampu ya injini muone chikubwezera madzi angati pa ola. Ngati ndi malita 700 okha, pampu ya 1,200 izikoka mpweya ndi mchenga mpaka kupsa, mudzaona paipi ikulavula madzi modukizadukiza. Zikatero chepetsani dimba, kapena gulani yaing'ono yopopa maola ambiri, ndipo kasensa kozimitsa pampu madzi akatsika kaja musalole amisiri akasiye m'katoni.