Momwe mungalembere kalata ngati ndalama ya sikolashipu yadulidwa msonkho wa PAYE

Ophunzira ambiri amene ali pa sikolashipu ndalama yawo ya mwezi ndi mwezi imadutsa ku ofesi ya zachuma ya bungwe lomwe likuwathandiza. Vuto limayamba pamene akauntanti alowetsa dzina la wophunzira pa mndandanda wa malipiro a antchito, chifukwa kompyuta ikaona dzina pamenepo imangodula PAYE, msonkho wa pa malipiro a antchito, osafunsa. Zinandichitikira ine mu 2024 ndikuchita kafukufuku wa mpunga ku Lifuwu kuno ku Salima, pa digiri yachiwiri, ndipo ndalama yanga inabwezedwa chifukwa cha kalata. Ndikufotokozerani momwe ndinailembera.

Yambani ndi masamu, musanakwiye

Kalata yondipatsa sikolashipu inati ndizilandira K400,000 pamwezi, koma ku banki kunkalowa K337,500. Ndalama ikaperewera musathamangire kunena kuti ndi msonkho, chifukwa mwina ndi banki yadula zake kapena bungwe likubweza ndalama yomwe linakupatsiranitu. Werengerani nokha. M'chaka cha msonkho chomwe chinayamba pa 1 Epulo 2024, K150,000 yoyamba pamwezi inalibe msonkho, ndipo kuchokera pamenepo kufika K500,000 ankadula K25 pa K100 iliyonse. Ndiye pa K400,000 mukachotsa K150,000 patsala K250,000, ndipo gawo limodzi la magawo anayi a ndalama imeneyi ndi K62,500. Imeneyi ndi ndalama yeniyeni yomwe inkasowa, osapitirira ngakhale tambala. Masamu akagwirizana chonchi dziwani kuti ndi PAYE basi. Malire a msonkhowa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho gwiritsani ntchito a chaka chomwe munadulidwa, osati a lero.

Kenako pemphani peyisilipi ya mwezi uliwonse. Akanena kuti ophunzira sapatsidwa peyisilipi, ayankheni mwaulemu kuti amene wadulidwa msonkho ayenera kuona pepala losonyeza zomwe zadulidwazo. Mukailandira yang'anani ngati pali nambala ya wantchito komanso ngati akudula ya penshoni. Zikakhalapo ndiye kuti m'mabuku mwawo ndinu wolembedwa ntchito, ndipo chimenechi ndi chomwe kalata yanu ikukakonza.

Kalata yoyamba ipite kwa amene anadula

Ambiri amaganiza zothamangira ku MRA, bungwe lotolera msonkho, tsiku lomwelo. Ine ndikuti yambani ndi bungwe lomwe limakulipirani, chifukwa ndi iwo anauza a MRA kuti ndinu wantchito, ndipo a MRA amayang'ana zomwe zili m'malipoti a bungwelo. Palinso nkhani ya tsiku. Bungwe limayenera kupereka PAYE ya mwezi ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Kalata yanu ikafika tsikuli lisanakwane, ndalama ya mwezi womalizawo ikhoza kukhala idakali m'manja mwawo ndipo kuibweza n'kosavuta. Ikangopita ku boma, njira yake imatalika.

Mapepala ophatikiza ndi omwe mukuwadziwa kale: kalata ya sikolashipu, umboni woti munalembetsa kusukulu chaka chimenecho, mapeyisilipi, sitetimenti ya ku banki ndi chiphaso cha unzika. Sitetimenti musakasindikizitse ku banki ngati mungathe kuipeza pa foni, chifukwa mabanki amalipiritsa. Fotokope pangani pa Kamuzu Road ngati muli kuno ku Salima, koma muyang'ane pepala lililonse musanalipire, poti makina ena inki yake ndi yofooka moti chidindo cha sukulu chimatuluka ngati banga chabe, ndipo pepala loteroli ku ofesi amalibweza.

Pamene zinavuta: kusonyeza kuti simuli pa ntchito

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa kalata yanga yoyamba inabwerera pa mfundo imeneyi. Mu mgwirizano wa sikolashipu yanga munali ndime yonena kuti wophunzira azipereka lipoti miyezi itatu iliyonse komanso azipezeka pa masiku a chionetsero cha alimi. A ku ofesi ya zachuma anandiitana, pepala lili pa tebulo, ndime ija ataizunguliza ndi cholembera chofiira. Anati: "Achimwene, apa zalembedwa kuti mumatigwirira ntchito. Ife tikasiya kudula, a MRA akabwera kudzaona mabuku, chilango chigwera bungwe, osati inu."

Mantha awowo ndi oona, ndipo muwamvetse. Wolemba ntchito akalephera kudula PAYE yoyenera, msonkhowo amaufuna kwa iyeyo. N'chifukwa chake akauntanti akakayikira amasankha kudula. Kumuuza kuti "ine ndine mwana wa sukulu" sikumuthandiza. Iye akufuna pepala loti aike mu fayilo, loti wina akadzafunsa adzalitulutse.

PAYE ndi msonkho wa pa malipiro omwe wolemba ntchito amapereka kwa wantchito chifukwa cha ntchito yomwe wagwira. Ndiye funso lonse lagona apa: kodi ndalama mukulandirayi ndi yosinthana ndi ntchito, kapena ndi yoti mudye, mulipire nyumba ndi kuyendera pamene mukuphunzira? Kuti muyankhe, onani chomwe chingaimitse ndalamayo. Wantchito malipiro ake amaima akajomba kapena akachotsedwa ntchito. Ya ine ikanaima ndikanalephera mayeso kapena kusiya sukulu. Ndinalibe nthawi yolowera ndi yowerukira, ndinalibe masiku a tchuthi owerengedwa, ndipo amene ankandiuza zochita kumunda anali aphunzitsi anga a ku yunivesite, osati bwana wa bungwe. Malipoti aja anali osonyeza pomwe maphunziro afika, ndipo pa chionetsero ndinkafotokoza kafukufuku wanga yemwe, wa mbewu zomwe ndinabzala ndekha m'ndime zanga.

Mfundo zimenezi zikachokera pakamwa panu pokha sizilemera. Ndinapempha makalata awiri achidule. Aphunzitsi oyang'anira kafukufuku analemba kuti ndine wophunzira wa nthawi zonse ndipo zonse ndikuchita ku Lifuwu ndi mbali ya digiri. Mkulu wa pulogalamu ya sikolashipu m'bungwe lomwelo analemba kuti palibe mgwirizano wa ntchito pakati pa ine ndi bungwe. Kalata yachiwiriyi ndi imene inatsegula chitseko, chifukwa inachokera m'nyumba mwawo momwemo. Onetsetsani kuti onse awiri ali pa pepala la chizindikiro cha ofesi, osainidwa ndi odindidwa.

Koma ndinene chilungamo: si aliyense amene angapambane. Ngati kuwonjezera pa sikolashipu mumaphunzitsa kalasi, kapena mumatolera mafunso a kafukufuku wa bungwe n'kumalipidwa, gawo limenelo ndi malipiro ndipo msonkho uli m'malo mwake. Chimodzimodzi amene ali pa ntchito kale n'kupita kusukulu akulandirabe malipiro awo: amenewo ndi malipiro ndithu. Mukakhala ndi zonse ziwiri musabise. Pemphani kuti ndalamazo azilekanitse pa pepala, ndipo mudandaule za gawo la sikolashipu lokha.

Kalatayo

Maofesi ambiri amafuna Chingerezi, choncho mudzaimasulira, koma mfundo zake zikhale motere. Pamwamba ikani tsiku, keyala ndi nambala yanu ya foni.

Kwa Mkulu wa Zachuma,

PEMPHO LOSIYA KUDULA PAYE PA NDALAMA YA SIKOLASHIPU NDI KUBWEZA YOMWE INADULIDWA

Ndine wophunzira wa digiri yachiwiri amene bungwe lanu linandipatsa sikolashipu, monga ikusonyezera kalata yomwe ndaphatikiza. Kalatayo ikuti ndizilandira K400,000 pamwezi yondithandiza pa maphunziro. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2024 ndakhala ndikulandira K337,500, ndipo mapeyisilipi akusonyeza kuti K62,500 imadulidwa ngati PAYE. Pa miyezi 6 ndalama yonse yakwana K375,000.

Ine sindine wantchito wa bungwe lanu. Ndilibe mgwirizano wa ntchito, ndipo ndalamayi imadalira kuti ndikhale wolembetsa kusukulu ndi kukhoza bwino. Malipoti otchulidwa mu mgwirizano ndi a maphunziro, monga akutsimikizira aphunzitsi anga ndi mkulu wa pulogalamu m'makalata awo.

Ndikupempha kuti dzina langa lichotsedwe pa mndandanda wa antchito, kudula kuleke kuyambira mwezi uno, malipoti omwe anapita ku MRA akonzedwe, ndipo K375,000 ibwezedwe. Ndikupemphanso chikalata cha P9 chosonyeza msonkho wonse womwe unadulidwa. Ngati simukugwirizana nazo, chonde mundiyankhe molemba ndi kutchula ndime ya lamulo yomwe mwatsatira.

Ine wanu,

Ndi yomweyo, tsamba limodzi. Musaikemo za lendi yomwe yakuvutani kapena ngongole ya pa golosale, ngakhale zili zoona ndipo zimawawa, chifukwa woiwerengayo sangazigwiritse ntchito. Musatchulenso ndime ya lamulo yomwe simunaiwerenge ndi maso anu. Chiganizo chomaliza chija musachisiye, poti munthu akadziwa kuti ayenera kuyankha molemba amayamba waiwerenga nkhani bwinobwino.

Sindikizani makope awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni tsiku lolandirira n'kubwerera nayo. Mukatumiza pa imelo, sungani yankho lawo.

Ngati ndalama inapita kale ku MRA

Kwa ine bungwe linasiya kudula mwezi wotsatira, koma ya miyezi yam'mbuyo inali itaperekedwa kale. Apa mufunika TPIN yanu, nambala yomwe a MRA amapereka kwa wokhoma msonkho aliyense. Kulembetsa kwake n'kwaulere, ku ofesi ya MRA kapena pa tsamba lawo la pa intaneti la Msonkho Online, ndi chiphaso cha unzika. Chenjerani ndi madobadoba amene amati akudziwa wina mkati ndipo akufulumizitsirani mukawapatsa gawo la ndalamayo. Musawapatse mapepala anu, ndipo nambala yachinsinsi ya pa Msonkho Online isatuluke pakamwa panu.

Lembani kalata yomweyi kwa Komishonala wamkulu wa MRA, kudzera ku ofesi yomwe muli nayo pafupi, mungosintha pempho kuti likhale lobweza msonkho womwe unaperekedwa molakwika. Phatikizani P9, TPIN, nambala ya akaunti ya ku banki ya dzina lanu, ndi kalata ya bungwe yovomera kuti simunali wantchito. Funsani bungwe ngati likonze lokha malipoti ake n'kukubwezerani, kapena mupemphe nokha, kuti musapemphe nonse awiri ndalama imodzi. Ine anandibwezera a bungwe atakonza malipoti awo. Zimatenga nthawi, ndiye muzifunsa ndi kope yodindidwa ija m'manja, ndipo mwezi wotsatira muonenso peyisilipi ngati dzina lanu lachokadi pa mndandanda wa antchito.