Funso loyamba lisaopseze mwana

Pa mayeso oyeserera a masamu a Sitandade 8, ana anga ambiri ankasiya mafunso a kumapeto osayankha, chikhalirecho anali osavuta. Nditayang'ana mapepala awo ndinaona kuti tsamba loyamba ladzaza zofufutafufuta. Funso loyamba linali la chiwongola dzanja, lofuna masitepe atatu, ndipo mwana wamantha ankakakamira pomwepo mpaka nthawi kumuthera.

Ndinatenga mapepala onse 60 n'kuwerenga ana amene anakhoza funso lililonse, koma powerengera okhawo amene analiyesa, chifukwa funso losiyidwa kaamba ka nthawi limaoneka lovuta pamene si lovuta. La kuphatikiza ndalama analikhoza ana 27 mwa 30 amene analifikira, choncho ndinaliika poyamba. La chiwongola dzanja analikhoza 12 mwa 60, ndiye linapita kumapeto. Sindinasinthe funso ngakhale limodzi, kapena malikisi ake.

Chinanso, funso la mawu ambiri limavuta mwana wowerenga Chingerezi pang'onopang'ono ngakhale samu yake ikhale yophweka, motero mafunso otere ndinawaika pakati. Kalasi inzathu italemba pepala lokonzedwalo, ambiri anafika pa funso lomaliza nthawi isanathe.